Khumi ndi Ziwiri pa Chiwaya Chimodzi

Chiwaya cha Amake Injiniya chinkalandira zitumbuwa khumi ndi ziwiri pa ulendo umodzi. Zinali choncho kuyambira kale, Injiniyayo akadali wa makabudula ong'ambika kumbuyo. Khumi ndi ziwiri zilowe, mafuta alire ngati mvula pamalata, zitembenuzidwe kamodzi, zituluke zofiirira, zopepuka, zouma mwakuti pepala loziyikapo linkangotsala ndi timadontho towerengeka. Ogwira ntchito ku depoti ya mabasi, tsidya lina la msewu, ankandanda pakhonde pawo sikisi koloko isanakwane, aliyense ndi kapu yake ya tiyi m'manja.

Koma kwa milungu itatu tsopano, mafuta aja ankachita kuwakhalira chete.

Akaponya zoyamba ziwiri zitatu, ankalira bwinobwino. Pofika chachisanu ndi chitatu mawu ankatsika, ndipo chomaliza chikamalowa n'kuti kwangotsala tithovu taulesi tozungulira m'mbali. Zitumbuwa zinkakhalitsa pansi, n'kudzayandama zotuwa ngati zadwala, ndipo zikatuluka zinkalemera ngati nsanza yokolopera. Ukafinya chimodzi, mafuta ankatsetserekera m'chigongono. Ndiye iwo ankakweza moto wa gasi. Pamene akukulungira anthu zoyambazo, chiwaya chopanda kanthu chija chinkapsa mopitirira mpaka kufuka utsi, ndipo ulendo wachiwiri unkatuluka wakuda kunja, phala mkati. Akatsitsa moto, wachitatu n'kubwerera ku nsanza kuja. M'mawa wonse unkatha dzanja lili pa chotsegulira gasi, uku ndi uku, ngati munthu wosaka siteshoni pa wailesi yakufa.

"Amake Injiniya," anatero dalaivala wa basi yoyamba tsiku lina, akuyang'ana pepala lake lomwe linali litanyowa mpaka kuonekera, "ziwiri izi ndikafinyira mu injini, ndiyenda mlungu wonse osathira oyilo."

Mzere wonse unaseka. Iwonso anaseka, chifukwa pa malonda umaseka. M'mawa mwake dalaivala uja anadutsa kumbali ina ya msewu atanyamula buledi.

Atelala, amene ankasoka pa khonde lomwelo chakumapeto, ananena kuti vuto ndi mafuta. "Masiku ano akumasakaniza, aneba. Mumaona chigubu chokongola, mkatimo ndi zosadziwika." Amake Injiniya anasintha mafuta. Atelala anati ndiye kuti ndi ufa. Anasintha ufa, anasintha yisiti, anakasinthitsa ngakhale silinda ya gasi isanathe, n'kuitanitsa munthu kudzatokosa timabowo ta sitovu ndi waya. Palibe chinasintha. Atelala anayang'ana singano yawo kwa nthawi, kenako anati, "Pali anthu ena samakondwa mnzawo akamagulitsa," ndipo Amake Injiniya anawapempha kuti asoke zosoka zawozo.

Ana anali nawo awiri. Wamkulu sanali injiniya kwenikweni. Ankaika mamita a madzi m'nyumba za anthu, koma kuntchito anampatsa chipewa cholimba chachikasu, ndipo msewu wonse sunafune umboni wina. Ankakhala kutali, mbali ina ya tauni, ndi mkazi wake ndi ana awiri, ndipo chikondi chake kwa mayi ake chinkabwera m'makatoni. Wachiwiri, amene aliyense ankangomutcha Mzime ngakhale anali atayandikira zaka makumi atatu, ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ndipo ankakhala nawo m'nyumbamo.

Katoni yaikulu kuposa onse inali itabwera mwezi wapitawo: firiji yoyera, yaitali kuposa mwini nyumba. Injiniya anali atamva kuti mayi ake amadzuka fili koloko kukanda ufa kuti ufufume nthawi yabwino, ndipo zinamupweteka. Tsopano Mzime ankakanda madzulo akaweruka, n'kuika mu ndowa yapulasitiki yavindikiro, ufa n'kufufuma pang'onopang'ono m'firijimo mpaka kucha. M'mawa Mzime ankatulutsa ndowa ija n'kukaikhazika pambali pa sitovu popita kokasamba. M'katoni momwemo munalinso kasupuni kachitsulo kokhala ndi chofinyira, konga kaja amatapira ayisikirimu, kuti zitumbuwa zizifanana kukula ndiponso kuti anthu asamaone dzanja likulowa m'chakudya chawo. Amake Injiniya anakakana masiku awiri, kenako anakazolowera. Tulo nato anatizolowera msanga kwambiri.

Firijiyo anaiganizirapo, asaname. Koma akavundukula ndowa, ufa unkakhala utafufuma bwino, wa timabowo, fungo lake labwino kuposa kale. Mzime anati ngakhale mabekale akuluakulu amatero. Nanga munthu ungaimbe mlandu chinthu chimene ntchito yake ukuiona ndi maso kuti yagwirika?

Ndiye panatsala iwo eni, Amake Injiniya.

Sanawanene mawu amenewa, koma ana awo anawanena, kukhitchini, motsitsa mawu, chitseko chili chotsekedwa mosakwanira. Mlungu umenewo makiyi a nyumba anapezeka m'firiji, pambali pa tomato. Tsiku lina anamuitana Mzime ndi dzina la malemu achemwali awo, kawiri konse. Achemwali awo aja anayamba ndi kuiwala mchere m'ndiwo, n'kudzamaliza akupezeka pa siteji ya basi atavala nsapato imodzi, akufunsa njira ya kusukulu imene inagumulidwa kalekale.

Lamulungu Injiniya anabwera wopanda katoni. Anakhala pampando n'kumatembenuza makiyi a galimoto.

"Amayi, mwagwira ntchito mokwanira."

"Wakuuza ndani kuti yakwana?"

"Mafuta otentha si chinthu chosewera nacho. Malita faifi. Mutangoiwala kamodzi kokha..."

"Ndaiwala chiyani?"

Injiniya anayang'ana mlongo wake. Mzime anayang'ana pansi.

"Chipinda takonza kale," anatero Injiniya. "Chili ndi windo lalikulu, TV yanuyanu. Apongozi anu asoketsa makatani. Muzikasewera ndi adzukulu. Ndidzakutengani Loweruka."

"Nanga chiwaya?"

"Chiwaya chipume, Amayi."

Anafuna kumukalipira monga ankachitira kale, mawu amodzi okha iye n'kufota. Koma mawuwo anafuna poponda, ndipo poponda panalibe. Zaka makumi awiri ndi zisanu dzanja lawo linkadziwa chinthu chimodzi bwino kuposa aliyense mumsewu umenewo, ndipo tsopano silinkachidziwa. Akanati mwanayo akunama, akanaloza chiyani? Sefa yodzaza nsanza?

Lachiwiri ku sitolo ya mankhwala kunali kuwerenga katundu, ndipo Mzime anafika atatopa mwakuti anagona ndi nsapato. Ufa sunakandidwe. Lachitatu Amake Injiniya analawirira monga kale, kukanda m'beseni lawo lakale ndi madzi ofunda, kuvindikira ndi nsalu n'kuliika pafupi ndi sitovu pamene madzi a tiyi akuwira. Nthawi itakwana anatapa ndi kasupuni kaja, khumi ndi ziwiri.

Mafuta analira kuyambira choyamba mpaka chomaliza.

Zinayandama msanga, zina n'kudzitembenuza zokha. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi, dzanja osakhudza n'komwe chotsegulira gasi. Woyeretsa mabasi wina analuma chimodzi, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuitanitsa zina zinayi.

"Ndi magalasiwo," anatero Atelala. Tsiku limenelo Amake Injiniya anali atavala magalasi amene Injiniya anawagulira chaka chatha, amene nthawi zambiri ankakhala mu dirowa. "Ndinkadziwa ine kuti ndi maso."

Koma Amake Injiniya anali ndi yankho lawo, ndipo analisunga tsiku lonse ngati khala m'chikhatho mpaka Mzime ataweruka.

"Ndiwe."

"Ndatani, Amayi?"

"Kukanda kwako. Lero ndakanda ndekha, funsa msewu wonse. Milungu itatu ukundiyalutsa pamaso pa anthu, n'kumakhala kukhitchini ndi mlongo wako kumandipangira chipinda cha makatani."

Mzime anaika chikwama chake patebulo pang'onopang'ono. "Ndimayeza ndi kapu yanu. Ufa makapu omwe munandiuza, shuga yemweyo, yisiti yemweyo. Ndinalemba papepala, lili pakhomapo."

"Pepala silikanda."

"Chabwino. Kandani nokha madzulo, ine ndizingoonera. Ndiphunzire."

Lachinayi analawiriranso, zinatulukanso bwino, ndipo madzulo ake anakanda okha ufa wa Lachisanu, mwamphamvu, ngati akukanda mlandu. Mzime anaima pakhomo la khitchini atapinda manja, akuonerera. Amake Injiniya atamaliza anakhuthulira mu ndowa, kuvindikira, n'kuika m'firiji. Anagona tulo ta munthu wopambana.

Lachisanu, atavala magalasi, ndi ufa wokanda okha, anatulutsa nsanza khumi ndi ziwiri.

Anaima akuziyang'ana mu sefa. Anavula magalasi, n'kuwavalanso. Manja omwewo, ufa womwewo, kapu yomweyo, mafuta a m'chigubu chomwecho. Mzime, amene anali ndi ufulu wonse woti anene kanthu, anangowagwira paphewa popita kuntchito, ndipo kugwira kumeneko kunawawawa kuposa mawu. Anakumbuka zimene adokotala ananena za achemwali awo: padzakhala masiku abwino ndi masiku oipa, musanyengeke ndi abwinowo.

Madzulo amenewo sanatsutse pamene Mzime anatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti akazinge komaliza Loweruka m'mawa, atsanzikane ndi anthu awo. Anakandanso okha, n'kuika m'firiji.

Injiniya anafika hafu pasiti faifi, atavala malaya oyera ngati akupita kukafunsira ntchito. Analonga sutikesi m'buti, n'kudzaima pakhonde, kumbuyo kwawo pang'ono, pamalo amene munthu amaima akafuna kugwira wina asanagwe. Mzime anatulutsa ndowa. Anthu anali atayamba kundanda, osachuluka ngati kale, koma mbiri inali itamveka kuti lero n'komaliza, ndipo ngakhale dalaivala wa buledi uja analipo.

Amake Injiniya anadontheza kaufa kakang'ono m'mafuta poyesa. Kanamira n'kubwerera pamwamba nthawi yomweyo kakuvina. Mafuta anali bwino, pamenepa sakanalakwitsa. Anayamba kuponya. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Pa chachisanu ndi chitatu mawu anayamba kutsika monga mwa masiku onse, ndipo iwo anapitiriza, chifukwa khumi ndi ziwiri ndi khumi ndi ziwiri.

Palibe amene anaseka ulendo uno. Anthu analandira zotuwa zija mwaulemu, ngati chakudya cha pamaliro.

Pa ulendo wachiwiri kasupuni kanakana. Chofinyira chinakanirira pakati, ufa osatuluka. Anakamenyetsa pamphepete pa ndowa kamodzi, kawiri, ndipo kasipuling'i kanadumpha n'kukalowa mu ngalande.

"Basi, Amayi," anatero Injiniya mofatsa. "Ngakhale supuni yavomera. Tiyeni tizimitse."

"Ufa wonsewu ndiutaye?"

"Mzime aona chochita."

Amake Injiniya anaika kasupuni kaja pambali. Anatsitsa moto kuti chiwaya chisafuke, anasamba m'manja pa beseni, n'kusiya dzanja lamanja lonyowa monga ankachitira zaka zonse zija kasupuni kasanabwere. Analilowetsa mu ndowa kuti atape.

Kuzizira kunawaluma mpaka pamfundo ya dzanja.

Analitulutsa msanga ngati agwira chinthu chamoyo. Analibwezeramo, mwakuya, mpaka pakati pa ufa, ndipo kumeneko kunali kozizira koposa, zala zinayamba kuwawa. Anaima choncho, dzanja mu ndowa, pakamwa pali potsegula pang'ono. Ufa umene ankaudziwa unali wofunda ngati mimba ya mwana. Uwu unali ngati mwala wa pansi pa mtsinje. Milungu yonseyi ndowa inkabwera ndi chogwirira m'dzanja la Mzime, ufa unkachoka mu ndowa kupita m'mafuta pa chitsulo, ndipo khungu lawo silinaukhudzepo m'mawa ngakhale kamodzi. Anakumbuka akusambitsa ana awiriwa m'beseni, madzi atawirira, momwe makapu ochepa chabe a madzi a pampopi ankaphera kutentha konse. Ndipo iwo m'mawa uliwonse ankathira makapu ozizira otero khumi ndi awiri m'chiwaya.

"Amayi?" anatero Mzime.

Anafinya ufa m'chibakera, kampira kakutuluka pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, n'kukatsetsereza m'mbali mwa chiwaya. Chimodzi. Ziwiri. Anamvetsera. Zitatu, zinayi. Anakweza moto pang'ono chabe, kuti uthandize mafuta kubweza zimene ufa walanda. Chachisanu. Mawu anagwedera pang'ono koma sanagwe. Anaimira pomwepo, dzanja lili m'malere ndi chachisanu ndi chimodzi, kenako anachibwezera mu ndowa.

"Mwaika faifi zokha," anatero Injiniya.

"Ndaona."

"Mumaika thwelofu."

"Ndati ndaona."

Zisanu zija zinayandama, m'chiwaya muli malo ambiri osambira. Atazitembenuza anabweza moto pamene unali, kuti mkati mupse kunja kusanade. Zinatuluka zofiirira. Ananyema chimodzi: nthunzi, timabowo, mkati mouma. Anapereka theka kwa dalaivala wa buledi uja.

Kenako sanaponye zina. Anawola tinyenyeswa toyandama ndi chipande chobooka, kuti tisapserere n'kuwawitsa mafuta, n'kuima akuyang'ana chiwaya chopanda kanthu. Anadonthezamo kaufa. Kanamira, n'kuzengereza pansi kasanakwere. Anadikira. Mzere unayamba kusuntha mapazi. Tsidya lina basi inaliza hutala.

Injiniya anayang'ana mayi ake ataima chilili, dzanja lili ndi ufa, maso ali pa mafuta opanda kanthu, milomo ikugwedera pang'ono. Anali ataonapo kaimidwe kotere kwa malemu amayi ake aakulu, pa siteji ya basi. Anayandikira n'kulankhula mwa mawu amene anthu amalankhulira ndi odwala.

"Amayi. Mukudziwa kuti muli kuti?"

"Ndili pakhonde panga."

"Lero ndi lachingati?"

"Iwe, ukundisokosera."

"Ingondiuzani. Ine ndine ndani?"

Anatembenuka n'kumuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku kolala. "Ndiwe mwana amene anakodza pabedi mpaka sitandade fili. Bwera kuno."

Mzere unaphulika. Injiniya asanapeze poika nkhope, mayi ake anamugwira pamkono ndi dzanja la ufa lija, kumukokera pa beseni, kumutsuka ngati mwana, n'kumuviika dzanja mu ndowa mpaka wotchi.

"Ukumva chiyani?"

"Kuzizira. Nanga si zachokera m'firiji."

"Eya."

"Eya chiyani? Firiji ntchito yake ndi imeneyo."

Anamusiya n'kudonthezanso kaufa kena. Kanamira n'kudumphira pamwamba pomwepo. Anaponya zisanu, kukweza moto pang'ono, mutu utapendekera kumbali ngati munthu womvetsera zokamba za aneba.

Mzime anali atasamba kale m'manja. Anagwira ufa ndi zala ziwiri, n'kuyang'ana chiwaya, n'kuyang'ana ndowa. "Lachitatu ndi Lachinayi," anatero pang'onopang'ono. "Sunalowe m'firiji."

"Sunalowe."

"Lachisanu munakanda nokha, koma unalowa."

"Unalowa."

"Ndiye kuti kukanda kwanga kunalibe vuto."

Amake Injiniya anatembenuza chitumbuwa chimene sichinafunike kutembenuzidwa. "Shuga umachulutsako pang'ono."

"Amayi."

"Chabwino, kunalibe. Tenga ichi, chapsa bwino." Ndipo Mzime, amene ankawadziwa mayi ake, analandira chitumbuwacho podziwa kuti kupepesa kwake n'komweko.

Injiniya anali akupukuta wotchi ndi mpango. "Sindikumvetsa. Mafutawo ndi otentha. Moto ukuyaka pansi. Kaufa kozizira kangazimitse bwanji malita faifi?"

"Kamodzi sikangathe, achimwene," anatero Mzime. "Thwelofu nthawi imodzi. Mafuta amazizira, ndiye m'malo moti chitumbuwa chiume kunja msanga, chimangokhala m'menemo n'kumamwa."

"Ndiye akweze moto."

"N'zimene akhala akuchita. Moto sufika msanga choncho. Umafika zoyambazo zitamwa kale, n'kudzapsereza zachiwiri mkati mukadali mozizira."

"Ndiye mukuti firiji ndi yolakwa."

"Palibe wanena zimenezo," anatero mayi ake.

"Ndinasankha yabwino. Ya nyenyezi zinayi."

"Ndi yabwino, bambo. Ikuzizira kwambiri. Tomato sanaolepo."

Atelala, amene anali atafika kudzatsegula makina awo ndipo anamva theka la nkhani, anati iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti vuto ndi magetsi.

Zisanu zisanu zinali zabwino, koma mzere sunkayenda. Anthu atatu anachoka basi yawo itayamba kusuntha, mmodzi akubwerera chammbuyo ndi kutukwana wotchi yake. Amake Injiniya anatuma Mzime kukatenga beseni lakale lija ndi mbale yaikulu. Anathira m'beseni madzi ofunda a m'ketulo, osati owira, kuti yisiti asafe, anatapira gawo la ufa m'mbale n'kuikhazika m'madzimo pafupi ndi sitovu. Pamene akukazinga za mu ndowa, za m'mbale zinkafunda. Mafuta atatsika anaonjezera ena pang'ono, cham'mbali, chiwaya chili chopanda kanthu, n'kudikiranso, chifukwa a m'chigubu nawo anali ozizira. Zimenezi ankazidziwa kuyambira kale. Zinawadabwitsa kuti ankadziwa za mafuta ozizira zaka zonsezi koma za ufa wozizira sizinawafikepo m'mutu.

Injiniya sanachoke pamalo ake. Anadikira mzere utachepa, n'kunena motsitsa, kuti Atelala asamve, ngakhale Atelala anali ataimitsa makina kuti amve bwino.

"Nanga makiyi aja, Amayi? Anali ozizira nawonso?"

Dzanja lawo linaima pamwamba pa mbale. Akanatha kumuyankha ndi nthabwala ina, anthu n'kusekanso. Koma makiyi aja sankakumbuka kuwaika m'firiji. Anali atayesa mausiku angapo kubwerera m'mbuyo, kuchokera pachitseko mpaka pa tomato, ndipo pakati pake panali poyera ngati khoma.

"Za makiyi sindikudziwa," anatero.

"Nanga dzina la amayi aakulu?"

"Mlongo wakoyu akakwiya amafanana nawo. Koma sindikudziwa."

Amake Injiniya anatembenuza zitumbuwa m'chiwaya.

"Ndinasiya kugona," anatero kenako. "Milungu itatu ndimangokhala m'maso pabedi n'kumawerenga zitumbuwa. Kapena ndi zimenezo. Kapena si zimenezo. Ukafuna, Lolemba unditengere kuchipatala akandifunse kuti lero ndi lachingati. Koma ubwere naini koloko, nditamaliza kukazinga."

"Akapeza kanthu?"

"Tidzakambirana za makatani ako."

Injiniya anayang'ana mlongo wake kuti amuthandize. Mzime anali kutafuna. "Ine ndimadzuka faifi," anatero atameza. "Ndikatchera alamu ya folo, nditulutsa ndowa n'kukagonanso. Ola limodzi ndi theka panja, wogawa m'mbale ziwiri, ufundako."

"Apongozi anu ndikawauza chiyani? Anasoketsa makatani."

"Ukawauze kuti ndi okongola," anatero mayi ake. "Katsitse sutikesi, muli epuloni yanga yabwino."

Injiniya anapita ku galimoto akuyenda ngati munthu amene watumidwa pakati pa chiganizo. Anatsegula buti, n'kuima kwa nthawi akuyang'ana sutikesi, kenako anainyamula kukalowa nayo m'nyumba, manja a malaya oyera aja ali ndi chidindo cha zala zisanu za ufa. Pobwerera anali ndi bolopeni ndi chikuto cha katoni chimene anang'amba penapake. Ankakhulupirira kuti chinthu chikalembedwa n'kumatidwa pakhoma ndiye kuti chatha.

"Chabwino. Tilembe kuti pasakhale kuiwala. Ziziikidwa zingati?"

Amake Injiniya anakhudza ufa wa m'mbale ndi kuseri kwa zala. Unali utayamba kufunda. Anayesa mafuta ndi kadontho, n'kuyamba kuponya.

"Zimatengera."

"Zimatengera chiyani?"

"Ufa wake. Wa mu ndowawo zisanu. Uwu kapena zisanu ndi zitatu."

"Eyiti," anatero Injiniya akulemba.

"Ndati kapena. M'mawa mukazizira zichepa. Mafuta akatsika m'chiwaya zichepanso."

Anafufuta. "Nanga thwelofu?"

"Ufa ukakhala ngati wa Lachitatu."

"Ndiye ndilembe faifi, eyiti, kapena thwelofu?"

"Achimwene," anatero Mzime, "lembani kuti Atelala ankadziwa kale."

"Ndinkadziwadi," anatero Atelala.

Chachisanu ndi chimodzi chinalowa, chachisanu ndi chiwiri. Amake Injiniya anagwira chachisanu ndi chitatu pamwamba pa mafuta, osachisiya, khutu lili ku chiwaya.

"Amayi, ndikufunsa kuti ndilembe chiyani."

"Takhala chete kaye," anatero. "Sindikumva."